Kope la Kemisitiri lopita kwa Tadala

Chikondi: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha maso anu pa kakalata aka ndisanakatumize. Mwana wa amalume anga, Tadala, walowa Fomu 3 ndipo watenga Kemisitiri. Ndikumutumizira kope langa lija la manotsi achidule, limene ndinkayenda nalo m'thumba ndili Fomu 4. Ndi masamba 42 okha. Mantha anga ndi akuti angalitenge ngati buku, ndiye ndalemba mawu oti ndimate mkati mwa chikuto. Aphunzitsi a Mbewe, makamaka inuyo, muone ngati sindikumusocheretsa mwanayu. Kalatayo ndi iyi:

Tadala,

Kope ili ndinalilemba nditaphunzira kale mitu yonse ili m'menemu. Ndinafinya makope asanu ndi limodzi kuti akwane m'masamba 42, ndipo mzere uliwonse ndinkadzilembera ndekha, munthu woti nkhaniyo ndinali nditaimva kale. Iwe sunaimve. Chifukwa chake mizere yambiri izioneka yophweka kuposa mmene ilili, ndipo ukaiwerenga kawiri katatu uziona ngati waidziwa.

Usatsegule tsamba la mutu umene aphunzitsi ako sanaufike. Uyambe wamva m'kalasi, walemba manotsi ako, kenako madzulo ake ndiye utsegule langali. Uwerenge mzere umodzi wokha, uuphimbe ndi dzanja, ndipo unene mokweza zimene ukutanthauza ngati ukufotokozera Chisomo. Kenako utenge pensulo upange chitsanzo chako cha manambala. Masamba a kumanzere ndinawasiya opanda kanthu, amenewo ndi ako. Mzere umene wakukanika kuufutukula uikepo kadontho, mawa lake ukafunse aphunzitsi kapena ukauone m'buku.

Ndikupatse chitsanzo. Pa tsamba 14 pali izi:

```
n = m / Mr
c = n / V   (V: dm³)
C1V1 = C2V2
1 mol = 24 dm³
```

Mizere iwiri yoyambayo kuifutukula kwake ndi motere. Wasungunula magalamu 4 a NaOH m'madzi mpaka zonse zakwana 250 cm³. Mr ya NaOH ndi 23 kuphatikiza 16 kuphatikiza 1, ndiye 40. Mamolo ndi 4 kugawa ndi 40, ndiye 0.1. Tsopano 250 cm³ uisandutse kaye 0.25 dm³, ndipo 0.1 kugawa ndi 0.25 ikupatsa 0.4 mol/dm³, imene timalembanso kuti 0.4 M. Ukatha kupanga funso lotere wekha, kope lili chotseka, mizere iwiriyo ndi yako.

Zolembedwa ndi cholembera chofiira ndi malo amene ndinatayapo malikisi pa mayeso. Nyenyezi ndi zinthu zimene ndinakumana nazo kangapo m'mapepala akale a MANEB. Manambala a m'mphepete ndi masamba a buku limene ndinkabwereka kulaibulale, mwina lanu ndi lina, usavutike nawo. Kope usabwereketse kogona nalo.

Achemwali ako,
Chikondi

Yamikani: Masamba 42? Aise, limenelo ndi likasa lalikulu kwambiri, silingalowe mu sokosi. Umuuze alichepetse 😂

Chikondi: Yamikani usandiipitsire mwana. Si lolowa nalo m'chipinda cha mayeso ili.

Yamikani: Ndikucheza. Ife a 2020 za likasa tinaziona tokha, mayeso kuimitsidwa pakati mu Novembala chifukwa mapepala anali atatuluka, n'kukalembanso mu Januwale 2021. Miyezi iwiri imeneyo ndinkangotsegula manotsi achidule a mnzanga m'mawa uliwonse, kuwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, n'kutseka. Ndinkadziwa mpaka pamene panadonthera tiyi. Kemisitiri ndinapeza 7.

Kondwani: Kalatayo ili bwino Chikondi, koma mwachulutsa malamulo. Mwana wa Fomu 3 mukumuuza kuti aziyankhula yekha mokweza, kwawo aziti wapenga. Ine ndinganene kuti tsamba 14 alilowezeretu lonse ngakhale asanaphunzire. Mizere inayi yokha, ndipo mafunso onse a mamolo amathera pamenepo. Makamaka C1V1 = C2V2. Ine kuntchito ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse posungunula mankhwala, sinandinamizepo. Ukufuna 100 cm³ ya 0.5 M kuchokera m'botolo la 2 M, ndiye 0.5 kuchulukitsa ndi 100 kugawa ndi 2, utunge 25 cm³, uthire madzi mpaka pa mzere. Basi.

Aphunzitsi Mbewe: Ndawerenga, Chikondi. Zolemba zako ndikuzikumbukira, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Njira yophimba ndi dzanja ija usaichotse. Koma wachita bwino kutionetsa tsamba 14, chifukwa mzere wachitatuwo mmene ulili ukhoza kumulanda mwanayo malikisi onse a funso limodzi.

A Kondwani sakunama pa za kuntchito kwawo. Pothira madzi m'mankhwala, mankhwalawo ndi omwe aja, mamolo ake sanasinthe, kwangochuluka madzi. Pamenepo C1V1 = C2V2 imagwira nthawi zonse. Vuto ndi lakuti ana amaitenga n'kupita nayo ku tayitireshoni, kumene kuli zinthu ziwiri zosiyana zimene zikudyana. Ndikupatseni funso, aliyense ayese asanawerenge za mnzake. Mu fulasiki muli 25.0 cm³ ya NaOH ya 0.1 M. Kuchokera mu byureti mwatsika 20.0 cm³ ya H₂SO₄ kuti mtundu usinthe. Asidiyo ndi wa mphamvu yanji?

Kondwani: 0.1 kuchulukitsa ndi 25 ndi 2.5, kugawa ndi 20, yankho 0.125 M. Sindinagwire n'komwe kalikyuleta.

Yamikani: Inenso 0.125. Koma mmene aphunzitsi afunsira ndikudziwa kuti tagwa m'dzenje.

Chikondi: 0.0625. Ndipo ndaona kale pamene mukuloza, aphunzitsi. Manyazi andigwira.

Aphunzitsi Mbewe: Chikondi wakhoza. Tiyeni pang'onopang'ono, chifukwa nkhani ya kope lonselo ili pamenepa. Poyamba ndi ikweshoni:

```
2NaOH + H₂SO₄ → Na₂SO₄ + 2H₂O
```

Molo imodzi ya asidi ameneyu imadya mamolo awiri a NaOH, chifukwa H₂SO₄ ili ndi ma H awiri oti ipereke. Mamolo a NaOH amene ali mu fulasiki ndi 0.1 kuchulukitsa ndi 0.025, ndiye 0.0025. Asidi wofunika ndi theka la amenewo, 0.00125. Mamolo amenewa anali mu 20.0 cm³, imene ndi 0.020 dm³, ndiye 0.00125 kugawa ndi 0.020 ikupereka 0.0625 M. Yankho la a Kondwani lachuluka kawiri ndendende. Asidiyo akanakhala HCl akanakhoza, pakuti HCl ndi NaOH zimadyana imodzi kwa imodzi.

Tsopano funso langa kwa iwe Chikondi. Unkadziwa kuti mzere umenewo sugwira pa H₂SO₄, umboni ndi woti wakhoza lero patapita zaka. Bwanji sunalembe m'kopemo?

Chikondi: Chifukwa ndinkadziwa. Ndinkalemba zokhazo zimene ndinkaopa kuiwala. Zoti poyamba uone ikweshoni zinali zitakhazikika kale m'mutu, munatikhomerera nazo chaka chonse, ndiye sindinaone chifukwa chothera inki.

Aphunzitsi Mbewe: Ndicho chimene ndikufuna ulembe m'kalatayo. Wofinya manotsi amataya zimene iye akuzidziwa bwino kwambiri, ndipo kawirikawiri zimenezo ndi malire a fomyula, pamene imagwira ndi pamene imalekera. Ndiye amene walandira kope amapeza mzere woona, wopanda cholakwa chilichonse, koma mpanda wake munachotsa. Sangadziwe kuti pakusowa kanthu, popeza tsambalo likuoneka lathunthu. Kalata yako ikumuuza kuti anene zimene mzere ukutanthauza. Uwonjezere funso lachiwiri limene azidzifunsa pa mzere uliwonse: kodi izi zimagwira liti, ndipo zimakana liti? Akalephera kuyankha, kadontho kaja kaikidwe, ngakhale mzerewo akutha kuunena pamtima.

Kondwani: Chabwino, ndagonja pa H₂SO₄. Koma ndiye vuto ndi fomyula yolakwika, osati kuloweza. Mungofufuta mzerewo mulembe uwu:

```
CaVa / CbVb = na / nb
```

Uwu uli ndi malo a manambala a mu ikweshoni. Ca kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi 2.5, zifanane ndi theka, ndipo Ca ikutuluka 0.0625 yomweyo. Mwana aloweze umenewu, nkhani yatha.

Aphunzitsi Mbewe: Fomyula imeneyo ndi yoona, ndipo ambiri amakhoza nayo. Koma ndachonga mapepala ambiri amene mwana waitembenuza, waika 2 pamwamba 1 pansi, n'kupeza 0.25. Amalemba yankho lake mosakayika, n'kulitsekera mzere pansi. Amene wadutsa njira ya mamolo amatha kuima n'kudzifunsa kuti, asidi amene akupereka ma H awiri angafunike wambiri bwanji kuposa amene akupereka imodzi? Woloweza alibe poimira potero. Ndiponso fomyula yanuyo imafunabe kuti mwana alembe ikweshoni n'kuilinganiza bwino, apo ayi na ndi nb azitenga kuti?

Kondwani: Komabe pa mayeso nthawi imachepa aphunzitsi. Ine ndikanakhala Tadala ndikanatenga yachiduleyo.

Aphunzitsi Mbewe: Adzaitenge ali Fomu 4, atapanga mafunso khumi mwa njira yaitali. Aidzilembere yekha ku tsamba la kumanzere lija.

Mayi a Thoko: Pepani ndilowerere, ine za mamolozi sindikuzitsata, sukulu yanga inali ya kale. Koma nkhaniyi yandikhudza. Wanga ali Fomu 4. Ndinamugulira timabuku tija tojambulitsa timene amagulitsa pafupi ndi depoti, ta maphunziro asanu, ndalama zake zosachepa. Mwanayo amawerenga, sindinganame. Magetsi akazima amayatsa tochi ya foni yanga mpaka 11 koloko. Ndikamufunsa amati zonse akuzidziwa, ndipo ndikatenga kabukuko n'kuyamba mzere iye amaumaliza. Koma mayeso a teremu yatha Kemisitiri anabwera ndi 38 pa 100. Ndiye ndimati mwina timabukuto ndi tabodza? Ndikagule tina?

Esinati: Mayi musagule tina. Mmene mukumufunsiramo ndi mmene vuto likubisalira. Mukayamba mzere iye n'kumaliza, mukuyesa ngati akuukumbukira mzerewo, ngati mmene timamalizira nyimbo ya kutchalitchi wina akaiyamba. Pa mayeso palibe amene amakuyambira. Amakupatsa magalamu ndi ma cm³, iwe upeze wekha kuti ndi mzere uti ukufunika.

Yesani izi, sizifuna kuti inu mudziwe Kemisitiri. Kabukuko kakhale m'manja mwanu. Mumupatse pepala lopanda kanthu, mutchule mutu wokha, mwachitsanzo mamolo, ndipo alembe zonse zimene akudziwa kwa mphindi khumi. Kenako mumubwezere kabukuko ayerekeze yekha ndi cholembera cha mtundu wina. Tsiku loyamba akhumudwa, ine ndinalira nditaona kuti pa tsamba limene ndinkati ndalidziwa ndatulutsa mizere itatu. Akatero atenge funso limodzi la m'mapepala akale pa mutu womwewo, kabuku kali chotseka. Ola limodzi lotere likwanira, tochi ipume.

Mayi a Thoko: Zikomo achemwali. Koma nanga ngati m'kabukumo muli zolakwa, iye adziwa bwanji? Palibe ngakhale dzina la amene analemba.

Esinati: Zimenezo zimachitika ndithu. Timabuku tambiri timachita kukoperana, wina akalakwitsa nambala onse otsatira amalakwitsa. Aziyerekeza ndi buku la kusukulu ndi silabasi. Zikasiyana akafunse aphunzitsi ake, asasankhe yekha.

Yamikani: Kunena za zolakwa, ine ndaona china pa tsamba 14 lomwelo. Chikondi walemba 24 dm³. Ine ndikukumbukira bwinobwino kuti ndi 22.4. Mwina 7 wanga uja akhoza kuphunzitsa 2 wa Chikondi lero.

Kondwani: Inenso ndimadziwa 22.4. Mwina anangoizunguliza kuti ikhale yosavuta.

Chikondi: Ayi, 22.4 ukaizunguliza ndi 22, singafike 24. Manambala onsewo ndi oona, koma ndi a malo osiyana. 22.4 dm³ ndi ya mpweya pa s.t.p., pamene kukuzizira 0 °C. 24 dm³ ndi ya pa r.t.p., kutentha kwa m'chipinda. Mpweya ukatenthedwa umafutukuka, ndiye molo yomweyo imatenga malo ambiri. Koma Yamikani wandigwirabe, chifukwa pa tsambalo sindinalembe r.t.p., ndiponso sindinalembe kuti ndi za mpweya wokha. Tadala akhoza kuganiza kuti molo ya madzi ndi 24 dm³.

Esinati: Molo ya madzi ndi magalamu 18, kungoposa pang'ono supuni yaikulu imodzi. Kuchoka pa supuni kufika pa ndowa yoposa malita 20 😂

Aphunzitsi Mbewe: Mwaona tsopano, mizere inayi, iwiri mpanda unachotsedwa. Ndipo mwini wake anapeza 2, si munthu wosadziwa. Umupatse funso ili ayesere mzere wachinayiwo. Magalamu 5 a CaCO₃ athiridwa HCl wokwanira, mpweya wa CO₂ utuluka wochuluka bwanji? Mr ndi 100, mamolo ndi 0.05, ndipo molo imodzi ya CaCO₃ imatulutsa molo imodzi ya CO₂. Pa r.t.p. ndi 1.2 dm³, pa s.t.p. ndi 1.12 dm³. Manambala awiriwa ndi oyandikana, ndiye mwana saona kuti china chalakwika. Kawirikawiri funso limanena lokha nambala yoti ugwiritse ntchito, m'munsi kapena kumapeto kwake. Oloweza ndi amene sawerenga pamenepo, chifukwa nambala ali nayo kale m'mutu.

Koma ndinene maganizo anga enieni, Chikondi, ngakhale sunandifunse. Ine kope limeneli sindikanamupatsa chaka chino. Chimene chinakupatsa 2 ndi ntchito yofinya ija, kukhala pansi ndi makope asanu ndi limodzi n'kumasankha chotsala ndi chotaya. Ukamupatsa zofinyafinya wamulanda ntchito imeneyo. Ndikanakonda alembe lake pofika kumapeto a Fomu 3, kenako ndiye aone lako, ayerekeze.

Chikondi: Pamenepo ndiye sindikuvomerezani aphunzitsi, mundikhululukire. Ife tinali ndi inu, ndi labu yoti byureti timaigwira ndi manja. Kumene kuli Tadala buku la Kemisitiri amagawana anthu ambiri, ndipo limagona ku ofesi. Teremu yatha aphunzitsi awo anadwala masabata angapo, mitu ina anangolemberedwa pabolodi ndi mnzawo. Ine kope ili ndikuliona ngati mndandanda womuuza zimene ayenera kudziwa pa mutu uliwonse, kuti akaona mzere umene sanaumvepo adziwe kuti pali chimene chinamudutsa, akachisake. Akadikira mpaka Fomu 4 adzazindikira mochedwa.

Esinati: Apa ndili mbali ya Chikondi. Komanso tisadzinamize, akapanda kulandira ili akagula ta ku depoti tija, topanda ndi mwini yemwe woti n'kumufunsa. Bola ili mwini wake ali pa foni.

Aphunzitsi Mbewe: Za kusowa kwa mabuku sindingatsutse, ndaphunzitsako kotero. Koma kalata yako ikudzitsutsa pamenepo. Wamuuza kuti asatsegule mutu umene sanaphunzire, ndipo pano ukuti kopelo limuonetse mitu imene inamudutsa. Atsate ziti?

Chikondi: Mwandigwiranso. Mwina ndinene kuti akhoza kuyang'ana mitu kuti adziwe zimene zikubwera ndi zimene zinadumphidwa, koma asaloweze mzere umene sanaufotokozeredwe ndi munthu kapena buku. Kaya zikumveka?

Aphunzitsi Mbewe: Zikumveka kwa iwe ndi ine. Kwa mwana wa zaka 16 amene mawa ali ndi mayeso, sindikudziwa. Ine ndikadali pa maganizo anga, koma kope ndi lako ndipo mwana ndi wanu.

Limbani: Ndafika mochedwa, ndawerenga zonse. Chimodzi chimene sindikuchiona m'kalatayo ndi nthawi yobwerera. Mzere umene waufutukula bwino Lolemba, pofika Lolemba linalo umakhala utayamba kuthawa. Ine ndinkalemba deti pamwamba pa tsamba tsiku limene ndalimaliza, n'kubwererako mawa lake, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Pobwerera sindinkawerenga, ndinkayamba ndi pepala lopanda kanthu ngati mmene anenera a Esinati. Tsamba limodzi mphindi zisanu. Apa ndi pamene manotsi achidule amaposa buku, chifukwa buku sungalibwereze motero.

Yamikani: Mawa, atatu, sabata, mwezi, pa maphunziro asanu ndi atatu? Pafunika kalaliki wolemba madeti. Mwana wa kumudzi akaweruka pali kutunga madzi ndi kuphika.

Limbani: Manambalawo si lamulo, ndi mmene ine ndinkachitira. Chachikulu ndi choti mpata uzikula, ndipo masamba a timadontho tambiri azibwera kawirikawiri kuposa oyera. Ngakhale atangoti Loweruka lililonse masamba atatu akale, zili bwino kuposa kudikira sabata ya mayeso.

Kondwani: Nanga nyenyezi zija? Ine ndikanakhala mwanayo ndikanangowerenga za nyenyezi zokhazokha, zinazo n'kusiya. Mwamuuza nokha kuti ndi zimene zimabwera.

Esinati: Ndi zimene aliyense angachite, ndiye Chikondi ufotokoze bwino. Nyenyezizo unaika poona mapepala a zaka zingati?

Chikondi: Asanu amene ndinawapeza, ena opanda masamba omaliza. Ndipo ndi a zaka za m'mbuyo ine ndisanalembe. Zoona, ndilembe kuti nyenyezi ikungonena poyambira pamene nthawi yachepa, sikulosera za mayeso ake.

Esinati: China, poti watchula kuti kwawo byureti saigwira kawirikawiri. Pa tsamba la tayitireshoni unalemba chiyani za fenofutalini, mankhwala osintha mtundu aja?

Chikondi: Dikirani ndione. Tsamba 16, ndinalemba kuti pinki kusanduka wopanda mtundu. Basi.

Esinati: Ndinadziwa. Zimenezo ndi zoona pamene NaOH ili mu fulasiki, asidi ali mu byureti, ngati funso la aphunzitsi lija. Akazisinthanitsa, asidi pansi NaOH pamwamba, umayamba wopanda mtundu n'kuthera pa pinki wotuwa amene sakuchoka ukagwedeza. Mwana woloweza mzere wakowo adzaima pa pulakitiko kudikira pinki woti azimirike pamene pinkiyo sanabwere n'komwe. Ulembe mtundu wake mu asidi ndi mtundu wake mu alikali, zinazo azipeza yekha.

Chikondi: Eee. Ndiye kuti masamba onse 42 ndiwadutsenso ndi funso la aphunzitsi lija.

Aphunzitsi Mbewe: Usawakonze onse. Ukonze pamene mzere ukhoza kumunamiza pa zinthu zoti sangathe kuziona yekha, ngati fenofutaliniyo ndi r.t.p. Koma C1V1 = C2V2 uisiye mmene ilili, ungoikapo chizindikiro chofunsa, ndi funso la H₂SO₄ lija pambali popanda yankho. Agwemo kamodzi ali kunyumba.

Mayi a Thoko: Ine ndayesa za pepala lopanda kanthu usiku womwe uno. Walemba mizere isanu n'kuyamba kukwiya, akuti ndikumusokoneza, iye amawerenga bwino payekha. Ndamusiya. Kaya mawa ndiyesenso kapena ndikhala ngati ndikulimbana naye?

Esinati: Musaimirire pamutu pake. Musiyireni pepalalo ndi wotchi, inu mutuluke ndi kabukuko. Ndipo asakuonetseni zimene walemba ngati sakufuna.

Chikondi: Ndabweranso. Ndime yachiwiri ndaikonza motere, zinazo ndasiya:

"Mitu ukhoza kuiyang'ana kuti udziwe zimene zikubwera ndi zimene zinakudutsa, koma usaloweze mzere umene munthu kapena buku silinakufotokozere. Pa mzere uliwonse udzifunse kawiri: ukutanthauza chiyani, ndipo umagwira liti, umakana liti? Ine ndinkalemba zokhazo zimene ndinkaopa kuiwala, ndiye zimene ndinkazidziwa kwambiri mulibe m'menemu. Pamene ndaika chizindikiro chofunsa pali msampha, ndausiya dala. Ulembe deti pamwamba pa tsamba ukalimaliza, ndipo Loweruka uzibwerera ku masamba akale ndi pepala lopanda kanthu."

Komanso sindinapirire, ndamutumizira funso la H₂SO₄ pa foni ya amalume, popeza akuti mamolo anayamba sabata yatha. Wayankha 0.0000625.

Yamikani: Asidi ameneyo ndiye tikhoza kumwera nsima 😂

Kondwani: Koma taonani manambala akewo, 625. Theka lija walipeza yekha, chimene chinandikanika ine wamkulu.

Aphunzitsi Mbewe: Inde, ikweshoni waitsata. Wafika pa 0.00125 bwinobwino, n'kugawa ndi 20 m'malo mwa 0.020. Wasandutsa 25 cm³ koyambirira, waiwala kusandutsa 20 kumapeto. Usamuuze pamene walakwitsa. Umufunse kuti NaOH inali 0.1 M ndipo madzi a mbali ziwirizi anali pafupifupi ofanana kuchuluka, 25 ndi 20, ndiye asidi wofooka chonchi akanaimaliza bwanji? Aone yekha kuti yankho liyenera kukhala pafupi ndi 0.1.

Chikondi: Chodabwitsa ndi choti dm³ ija ndi imene ndinalemba ndi chofiira pa tsamba 14, ndinaizunguliza kawiri. Koma iye kopelo sanalione n'komwe.

Esinati: Ndiye cholembera chofiira umutumizire chake, ayambe kuzunguliza zake.

Chikondi: Ndiika m'envulopu momwemo. Pali amene akupita ku Ntcheu sabata ino? Pa basi ndikuopa, makatoni a amalume anasowapo kale.

Limbani: Ine Lachisanu ndikudutsa pa boma popita ku Balaka. Koma mulijambulitse kaye, masamba 42 si ndalama zambiri. Ndipo tsamba 14 ndi 16 mutiponyere pano mukakonza, mng'ono wanga nayenso ali Fomu 3.